Mwauka Bwanji, Aneba?

Amai anga amayankha wailesi. Anayamba kale, ife tikali ana ku Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anali kuuka mdima ukalipo kuti akazinge vitumbuwa vokagulitsa pa msika, ndipo cinthu coyamba cimene anali kugwira, asanagwire ngakhale mbaula, cinali kawailesi kakuda kamene kanali kukhala pamwamba pa kabati. Pa Radio 1 zinenero zisanu ndi ziwiri zimasinthana nthawi, conco amai anali kudziwa pamtima masiku ndi maola a Cinyanja. Muulutsi akangoti, "Mwauka bwanji?" iwo anali kuimitsa supuni m'mwamba ndi kuyankha mokweza kuti, "Tauka bwino atate, kaya inu."

Tsiku lina, ndili mu giredi 8 ndipo ndikudziona wanzeru, ndinawaseka. Ndinati, "Amai, uja munthu sakumvani. Ali kutali, m'kacipinda kotseka."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenuza citumbuwa m'mafuta, nati, "Munthu akakupatsa moni umayankha. Zakuti wamva kapena sanamve ndi zake."

Panapita zaka pafupifupi makumi awiri kuti ndimvetse zimene ananena, ndipo ndinazimvetsa nditakhala ineyo m'kacipinda kotseka kaja.

Mu 2022 a pa siteshoni ina yaing'ono ya kufupi ndi kwathu anandipempha kuti ndiziyendetsa pulogramu yothandiza ana a giredi 9 ndi 12 kukonzekera mayeso. Anandipatsa ola limodzi pa Ciweru, kuyambira 7 koloko m'mawa. Mkulu wa mapulogramu sanandibisire kanthu. Anati andiyesa miyezi itatu, ndipo ngati anthu satumiza mauthenga kapena kuimba foni, ola limenelo adzaligulitsa kwa a chalichi ena amene anali atabwera kale ndi ndalama m'manja. Ine sindinade nkhawa. Ndinali nditaima pamaso pa ana kwa zaka zambiri, digiri ili pa cipupa. Kukamba ndi maikolofoni kukanandivuta bwanji?

Pepala la tsiku loyamba ndikali nalo. Nyali yofiira itayaka, ndinawerenga kuti: "Omvera athu onse kunja uko, takulandirani ku pulogramu yathu ya maphunziro. Colinga ca pulogramu imeneyi ndi kukweza luso la ophunzira pa kalembedwe ka cimangirizo. Lero tiona mfundo zisanu." Ndinapitiriza conco mpaka ola linatha. Mauthenga anabwera awiri. Umodzi unali wa mlongo wanga, wonena kuti ndamveka monga munthu wolengeza za misonkho. Sabata yaciwiri, yacitatu ndi yacinai zinali cimodzimodzi.

Amene anandipulumutsa ndi amai ena acikulire amene anali kulowa mu situdiyo ine ndikatuluka. Iwo anali kuwerenga mauthenga a maliro ndi a moni, ndipo foni pa nthawi yawo inali kulira ngati yapsa. Pa Ciweru cacinai anandiimitsa pakhomo ndikupinda mapepala anga.

"Aphunzitsi, uja moni wanu munapatsa ndani?"

"Omvera onse, amai."

"Onse ndi ndani? Amakhala nyumba iti? Ine ndakhala pa wailesi zaka zambiri, koma munthu wochedwa Onse sindinakumanepo naye."

Anandikhazika pa benchi panja, ndipo phunziro loyamba linali limenelo. Anati wailesi imafika kwa anthu ambiri, koma aliyense amaimva yekha, wina akusamba, wina akusesa, wina ali ndi waya wa foni m'khutu m'basi. Ukanena kuti "nonse kunja uko," wamuuza munthuyo zinthu ziwiri zoipa: kuti iye ndi kambewu kamodzi m'thumba, ndiponso kuti iwe uli m'kati pamene iye ali panja. Cinyanja, anatero, cinatipatsa mwai. Liwu lakuti "inu" limagwira munthu mmodzi mwaulemu, komanso limagwira khamu. Ukati "mwauka bwanji," agogo amene ali okha amamva kuti walemekeza iwo, ndipo banja limene lazungulira tiyi limamva kuti wapatsa moni nyumba yonse. Liwulo limagwira nchito ziwiri palokha, bola usaliwononge powonjezerapo "nonse." Za "iwe" anandicenjeza kuti ndisayese. Mnyamata angakondwe nalo, koma wailesi m'nyumba zambiri ndi ya makolo, ndipo kholo likamva mwana wa eni akuti "iwe" m'nyumba mwake, dzanja limapita pa kabatani.

Phunziro laciwiri linandivuta kwambiri. Anandifunsa kuti, "Nanga inu ndinu ndani kwa iwo?" Anati moni uliwonse umaika ubale, ndipo ubale umene wasankha tsiku loyamba ndi umene anthu adzakulipiritsa nawo. Anandikumbutsa za Gogo Breeze wa pa Breeze FM ku Chipata, amene asanalowe pa wailesi anali mphunzitsi monga ine. Iye anasankha kukhala gogo, omvera nakhala adzukulu. Dzina limenelo linamupatsa ufulu umene muulutsi wamba alibe, wodzudzula, woseka, wofunsa mafunso amene mlendo sangafunse. Koma linamupatsanso ngongole. Mdzukulu akalemba kalata yodandaula, gogo sangangoiwerenga n'kuika nyimbo. Ayenera kuitsatira nkhaniyo, ndipo anthu a kum'mawa anamukonda cifukwa anali kuyendadi m'midzi ndi m'misika kukakumana nawo. Nkhani yake inafika mpaka m'buku limene Harri Englund anatulutsa mu 2018.

Ndinapita kunyumba ndi funso limenelo. "Ana anga" sindinalifune, cifukwa theka la amene anali pafupi ndi wailesi pa ola limenelo anali aakulu kuposa ine. "Ophunzira" linali kusandutsa Ciweru kukhala tsiku la sukulu, ndipo palibe mwana amene amafuna kuuka n'kupeza aphunzitsi m'cipinda cogona. "Abale ndi alongo" linali kununkha guwa. "Anzanga" linali bodza, cifukwa mwana wa giredi 9 amadziwa bwino kuti munthu wonyamula bolopeni yofiira si mnzake. Yankho linabwera madzulo ena pamene mai wa nyumba yoyandikana nafe anagogoda kudzapempha moto wa pa mbaula. Anati, "Odi aneba." Ndinadziwa pomwepo. Neba angakhale wamkulu kapena wamng'ono, Mcewa, Mubemba kapena Mutonga. Neba amabwereka mcere, amadziwa ngati kwanu mwagona ndi njala, ndipo sakhala pamwamba pako. Komanso linali loona: ndimakhala mu komboni, ndimatunga madzi pa pompi imodzi ndi makolo a ana amene ndimaphunzitsa.

Pa Ciweru cotsatira amai aja anakhala nane ndi wochi m'manja, ndipo tinamanga miniti yoyamba cidutswa cidutswa. Ndiilemba pano monga mmene inakhalira, cifukwa cidutswa ciliconse cili ndi nchito yake.

Coyamba ndi kanyimbo ka pulogramu, masekondi khumi cabe, kenako waukatswiri amakatsitsa kuti kazimveka pansi pa mau. Kanyimbo kameneka ndi kugogoda pakhomo. Munthu amene ali panja akucapa amakamva n'kudziwa kuti nthawi yakwana, asanamve liwu lililonse. Cifukwa cake sikasinthidwa, ngakhale iwe mwini katakutopetsa.

Caciwiri ndi moni weniweni: "Odi kuno! Mwauka bwanji, aneba?" Apa ndi pamene amai aja anandigwira dzanja. Ine ndinali kufuna kuthamangira mau otsatira, cifukwa aliyense watsopano pa wailesi amaopa cete kuposa njoka. Iwo anati, "Imani. Mwafunsa funso. Apatseni mpata ayankhe." Anandiuza kuwerenga mumtima, wani, thu, kenako ndinene kuti, "Ngati mwauka bwino, ifenso tauka." Masekondi awiri amenewo ndi amene amai anga anali kuyankhamo ku Chawama. Ukawadumpha, wasonyeza kuti funso lako linali la mwambo cabe. Ukawatalikitsa kufika asanu kapena kuposerapo, munthu amayamba kugwedeza wailesi poganiza kuti mabatire atha.

Cacitatu ndi dzina langa, dzina la pulogramu, siteshoni ndi nthawi, zonse m'mpweya umodzi. Nthawi ndi mphatso yaing'ono koma yeniyeni. Amene ali ndi manja a sopo sangayang'ane foni, ndipo ukamuuza kuti yadutsa 7 koloko ndi mamineti awiri, wamuthandiza kale usanayambe phunziro.

Cacinai ndi kuchula anthu, ndipo apa ndinali kufuna kuwerenga makomboni onse a mu Lusaka kuti wina asadandaule. Amai aja anakana. Anati atatu cabe, ndipo ndisachule malo okha koma munthu ndi cimene akucita. Conco m'malo monena kuti "a ku Kanyama, a ku Chawama, a ku Misisi," ndinayamba kunena kuti, "Inu amene muli pa mzere wa madzi ku Kanyama ndi buku m'khwapa, ndakuonani. Amai amene mukuyala tomato pa Soweto, mwauka bwanji? Kondakita amene wakweza wailesi kuti a pa mpando wa kumbuyo amve, zikomo." Munthu wa ku Matero amene ali pa mzere wa madzi amadzimva kuti wachulidwa ngakhale ndati Kanyama, cifukwa cigubu cili m'manja mwake. Kuti ndisakondere, ndinagula kabuku kolembamo makomboni amene ndachula sabata iliyonse, kuti Mtendere kapena Kalingalinga asakhale mwezi wathunthu osamveka.

Cothera ndi lonjezo, ciganizo cimodzi: "Pofika 8 koloko mudzakhala mutadziwa mmene mungayambire cimangirizo popanda kutafuna bolopeni mamineti khumi." Moni wopanda lonjezo uli ngati mlendo amene wakhala pa mpando koma sanena cimene wabwerera. Zonsezi pamodzi zinali kutenga masekondi makumi asanu, osafika miniti. Ndipo popeza anthu satsegula wailesi nthawi imodzi, pakapita mamineti khumi ndi asanu alionse ndinali kubwereza mwacidule: "Aneba amene mwangolowa kumene, khalani pansi, tili pa ndime yaciwiri."

Ndinafunsa amai aja ngati anthu sadzatopa kumva mau amodzimodzi sabata ndi sabata. Anaseka. Anati khomo la nyumba silisuntha, cimene cimasintha ndi nkhani imene mlendo wabwera nayo. Kanyimbo, "odi kuno" ndi "aneba" zikhale zosasintha mpaka ana ayambe kuzinena pamodzi ndi ine. Koma anthu atatu aja ndi lonjezo zikhale za tsikulo, zonunkha m'mawa umenewo: ngati kwagwa mvula usiku, matope amveke, ngati malaiti anapita, ndifunse amene anawerengera pa kandulo.

Mungadziwe bwanji kuti moni wagwira? Ine ndinali kuganiza kuti ndi kuculuka kwa mauthenga, ndipo anaculukadi mokwanira kuti a chalichi aja apatsidwe ola lina. Koma cizindikiro ceniceni cinali m'mau oyamba a mauthengawo. Kale anali kuyamba ndi funso. Tsopano anayamba ndi yankho: "Tauka bwino aneba, funso langa ndi ili." Oimba foni anasiya kundichula kuti ba ticha. Tsiku lina ndikudutsa pa kantemba, mnyamata wogulitsa tokotaimu amene sindinamuonepo anamva mau anga ndikugula, nakuwa kuti, "Odi kuno!" Mau ako akatuluka mu wailesi n'kuyamba kuyenda okha m'njira, ndiye kuti anthu akulandira.

Zimenezi si zatsopano m'dziko lino. Kale, pamene wailesi ya Central African Broadcasting Service inali kuulutsa kucokera mu Lusaka, ndipo kawailesi kochipa ka Saucepan Special kanayamba kugulitsidwa mu 1949, imodzi mwa mapulogramu okondedwa kwambiri inali Zimene Mwatifunsa, ya makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni. Munthu wa ku migodi anali kulemba kuti dzina lake ndi la abale ake limveke kumudzi. Foni yalowa m'malo mwa sitampa, koma njala ndi yomweyo: kumva kuti kwinakwake wina akudziwa kuti ulipo.

Njala imeneyi ili ndi msampha wake, ndipo ndinagweramo. Patapita miyezi ingapo ndinayamba kuwerenga maina a otumiza mauthenga kumayambiriro, cifukwa anali kukondwa. Maina asanu anakhala khumi, khumi anakhala makumi awiri. Sabata ina moni unatenga mamineti asanu ndi limodzi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anandiuza mosabisa pa Mande kuti, "Ba ticha, ine nimayatsa mocedwa manje, cifukwa poyamba mumaitana cabe rejisita." Ananena zoona. Ndinaonanso kuti maina anali amodzimodzi, anthu ocepa okhala ndi tokotaimu yokwanira, ndipo pulogramu inayamba kumveka ngati kagulu ka anthu odziwana kamene mlendo amaima pakhomo. Kucokera pamenepo maina ndinawasamutsira pakati pa pulogramu, ndipo ndimayamba ndi amene alemba koyamba.

Koma kulakwa kumene sindidzaiwala kunabwera mu Januwale 2024. Pa holide ndinafuna kupita kumudzi ku Katete, conco mu Disembala ndinajambuliratu mapulogramu atatu. M'pulogramu ya pa 6 Januwale ndinaika cimwemwe conse cimene ndinali naco. Ndinati, "Odi kuno! Mwauka bwanji, aneba? Ndikudziwa kuti mwauka bwino, cifukwa mkuja pa Mande sukulu zitseguka. Mayunifomu mwacisa? Nsapato zapukutidwa?"

Pamene mau amenewo anali kuuluka, kolera inali itagwira Lusaka. Boma linali litalengeza kale kuti sukulu sizitseguka pa 8 Januwale, ndipo pomaliza zinadzatseguka pa 12 Febuluwale. Bwalo la National Heroes linasandutsidwa cipatala. M'makomboni amene ndinachula m'mawa umenewo, muli nyumba zimene usiku wake zinali zitanyamula munthu. Ndipo ine, neba wawo, ndinali kuseka ndi kufunsa za nsapato.

Palibe wina amene ndingamuloze cala. Ndine ndinajambula, ndine ndinanena ngati ndili pomwepo, ndipo nditamva nkhani ya sukulu ndili kumudzi, sindinakumbuke kuimba foni kuti aicotse. Nditabwerera ndinapeza mauthenga ocepa, koma umodzi ndinauwerenga nditaimirira ndipo ndinafuna pokhala. Unali wocokera kwa mai wina amene anali kulemba kawirikawiri m'malo mwa mwana wake. Unati: "Aneba, sitinauke bwino. Tinaika mwana pa Cinai. Tinaganiza kuti mudziwa."

Mau akuti "tinaganiza kuti mudziwa" ndiwo ngongole imene amai acikulire aja anandiuza pa benchi. Ndikanakhala kuti ndinadzicha muulutsi cabe, mai uja akanangoti wailesi yalakwitsa tsiku. Koma ndinadzicha neba, ndipo kwathu neba amene amaimba nyimbo pamene nyumba yoyandikana ili ndi maliro sakhululukidwa msanga. Liwu lomwelo limene linandibweretsera anthu ndi limene linawapweteka.

Ndinapita kwa amai aja ndi foni m'manja. Anawerenga, nakhala cete kanthawi. Kenako anati, "Musasinthe moni. Mukausintha adzati mwathawa. Lowani pakhomo lomwelo, koma lowani monga mmene mumalowera pa nyumba ya maliro."

Pa Ciweru cotsatira ndinapempha waukatswiri kuti kanyimbo akayambe pansipansi. Ndinati "odi kuno" ndi mau otsika. Ndinafunsa kuti, "Mwauka bwanji, aneba?" ndipo ndinasiya mpata uja. Koma sindinanene kuti ifenso tauka. Ndinati, "Ndikudziwa kuti ena simunauke bwino. Sabata yatha munamva mau anga akuseka. Anali mau akale, ojambulidwa ndisanapite kumudzi, ndipo ndinalakwa kuwasiya kuti amveke ngati ndili nanu. Pepani." Tsiku limenelo za cimangirizo tinaziika pambali. Tinakamba za kuwiritsa madzi ndi kuthiramo klorini, za kusamba m'manja, ndi za kuthamangira ku cipatala msanga munthu akayamba kutsegula m'mimba, akumwa madzi a mcere ndi shuga m'njira. Madzulo ake ndinafunsira njira, ndipo ndinakakhala pa mphasa kwa mai uja. Sitinakambe zambiri. Pa maliro sipafunika zambiri.

Kucokera tsiku limenelo ndili ndi malamulo awiri amene sindiphwanya. Ngati pulogramu ndi yojambulidwa, ndimanena poyera m'miniti yoyamba, ndipo sindichulamo nyengo, tsiku kapena mmene anthu aukira. Ngati ndili pomwepo, sindilemba anthu atatu aja kunyumba. Ndimapita ku siteshoni wapansi, ndipo zimene ndaona m'njira ndi zimene zimalowa m'moni. Ndinasiyanso kuyankhira anthu. Mau akuti "ndikudziwa kuti mwauka bwino" sanatulukenso pakamwa panga, cifukwa sindidziwa. N'cifukwa cake ndimafunsa.

Amai anga tsopano anakalamba, vitumbuwa anasiyira mlongo wanga, koma wailesi ikali pamwamba pa kabati. Mlongo wanga anandiuza kuti pa Ciweru paliponse, kanyimbo kakangoyamba, amauza adzukulu kuti akhale cete. Ndikafunsa funso langa, amayankha mokweza monga kale, koma amasintha liwu limodzi. Sanena kuti aneba. Amati, "Tauka bwino mwanawe, kaya iwe."

Ine m'kacipinda kotseka sindiwamva. Ndimangoyang'ana nyali yofiira, ndi kuwerenga mumtima, wani, thu.